Mmene mungawerengere nsanamira zinayi za tsiku lobadwa potsata kalendala ya Chitchaina

Ambiri amene anamvako za nyama 12 za Atchaina amangodziwa nyama ya chaka, kuti uyu ndi wa chaka cha galu, uyo wa chaka cha tambala. Koma katswiri wa ku Tchaina mukamuuza nyama ya chaka yokha, mwamupatsa chilembo chimodzi pa zilembo 8 zimene akufuna. Njira imene iwo amaitchula kuti BaZi imatenga chaka, mwezi, tsiku ndi ola limene munthu anabadwa, n'kuimika chilichonse ngati nsanamira ya zilembo ziwiri, chapamwamba ndi chapansi. Ku Koreya njira yomweyi amaitcha saju. Kale mabanja ankapatsana zilembo 8 za mnyamata ndi za mtsikana asanavomereze ukwati, ndipo mpaka lero alipo amene amachitabe zimenezi. Mbiri imati Li Xuzhong wa m'nthawi ya mafumu a Tang ankawerenga chaka, mwezi ndi tsiku, ndipo Xu Ziping, amene anabwera pambuyo pake, ndiye anakhazikitsa njira yoika tsiku lobadwa pakati pa zonse.

Ntchitoyi ili pawiri. Kupeza zilembozo ndi masamu a kalendala, ndipo yankho lake limakhala lolondola kapena lolakwa. Kumasulira zilembozo ndi chikhulupiriro. Ife tikhala kwambiri pa masamu, chifukwa mpamene anthu amapunthwa, ndipo amapunthwira malo amodzi nthawi zonse: pamalire, pomwe chaka, mwezi, tsiku kapena ola likusinthira.

Tiyenda ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tiyerekeze mtsikana wobadwira mumzinda wa Chengdu ku Tchaina pa 31 Januwale 1998, wotchi ya m'chipatala ikunena kuti 7:30 m'mawa.

Yambani mwalemba mizere iwiri iyi papepala

Zilembo zapamwamba zimatchedwa matsinde a kumwamba, ndipo zilipo 10. Awiriawiri amaimira chimodzi mwa zinthu zisanu: mtengo, moto, dothi, chitsulo ndi madzi.

1 Jia, 2 Yi: mtengo
3 Bing, 4 Ding: moto
5 Wu, 6 Ji: dothi
7 Geng, 8 Xin: chitsulo
9 Ren, 10 Gui: madzi

Loyamba la awiriwo ndi yang, mbali yowala ndi yamphamvu, lachiwiri ndi yin, mbali yamdima ndi yofewa. Motero Jia ndi mtengo wa yang, Yi ndi mtengo wa yin.

Zilembo zapansi ndi nthambi za padziko, zilipo 12, ndipo ndi zimene zili ndi nyama zija:

1 Zi, khoswe, madzi
2 Chou, ng'ombe, dothi
3 Yin, kambuku, mtengo
4 Mao, kalulu, mtengo
5 Chen, chinjoka, dothi
6 Si, njoka, moto
7 Wu, hatchi, moto
8 Wei, mbuzi, dothi
9 Shen, nyani, chitsulo
10 You, tambala, chitsulo
11 Xu, galu, dothi
12 Hai, nkhumba, madzi

Mayinawa ndawasiya mmene muwaonere pafoni kapena pakompyuta. Chenjerani ndi Wu, chifukwa alipo awiri: tsinde la nambala 5 ndi nthambi ya nambala 7. M'Chitchaina ndi zilembo zosiyana, koma m'malemba athuwa zimaoneka chimodzimodzi. Nthambi ya Yin nayo si yin uja wa yin ndi yang.

Mizere iwiriyi imayenda limodzi. Jia ndi Zi, Yi ndi Chou, Bing ndi Yin, choncho mpaka matsinde atha pa 10, kenako matsindewo amayambanso pa Jia pomwe nthambi zili pa 11. Pofika pokumananso Jia ndi Zi, padutsa masitepe 60. Pali lamulo limodzi lotuluka apa lomwe likuthandizeni kugwira zolakwa: tsinde la nambala yosagawika pawiri limakumana ndi nthambi yosagawika pawiri basi, logawika ndi yogawika. Mukapeza Jia Chou kapena Ding Yin, bwererani, mwaphonya penapake.

Nsanamira ya chaka

Chotsani 3 pa chaka. Gawani zotsalazo ndi 10, ndipo chotsalira ndi nambala ya tsinde. Gawaninso ndi 12, chotsalira ndi nambala ya nthambi. Ngati sipatsala kanthu, tengani chomaliza pamzere, Gui kapena Hai. Yesani ndi 1984: mupeza 1981, ndipo mbali zonse patsala 1, Jia Zi, chiyambi cha zaka 60 zimene tilimozi.

Koma musanachite masamuwa, funsani kaye: kodi munthuyu anabadwa chaka chitayamba? Mu BaZi chaka sichiyamba pa 1 Januwale, komanso akatswiri ambiri sachiyambira pa chikondwerero cha chaka chatsopano cha Atchaina chija, chimene chimatsata mwezi wa kumwamba n'kumasuntha pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale. Chimayamba pa Lichun, chiyambi cha nyengo yophukira mbewu kumeneko, ndipo Lichun imatsata dzuwa. Imagwa pa 4 Febuluwale zaka zambiri, mwina pa 3 kapena pa 5.

Mtsikana wathu uja wagwera pakati penipeni. Mu 1998 chikondwerero cha chaka chatsopano chinali pa 28 Januwale, choncho kwawo aliyense ankamutcha mwana wa chaka cha kambuku. Koma Lichun inafika pa 4 Febuluwale, iye ali ndi masiku anayi. Pa nsanamira ya chaka, iyeyu ndi wa 1997.

1997 kuchotsa 3 ndi 1994. Kugawa ndi 10 patsala 4, Ding. Kugawa ndi 12 patsala 2, chifukwa 12 kuchulukitsa ndi 166 ndi 1992, ndipo 2 ndi Chou. Nsanamira ya chaka ndi Ding Chou, ng'ombe ya moto.

Nsanamira ya mwezi

Miyezi nayo imatsata dzuwa, osati kalendala ya pakhoma kapena kuoneka kwa mwezi. Uliwonse umayamba chakumayambiriro kwa mwezi wathu, pafupifupi pa masiku awa:

Yin, 4 Febuluwale
Mao, 6 Marichi
Chen, 5 Epulo
Si, 6 Meyi
Wu, 6 Juni
Wei, 7 Julayi
Shen, 8 Ogasiti
You, 8 Sepitembala
Xu, 8 Okutobala
Hai, 7 Novembala
Zi, 7 Disembala
Chou, 6 Januwale

Masikuwa amatha kusuntha ndi tsiku limodzi chaka ndi chaka, ndipo kusinthako kumachitika pa ola ndi mphindi yake, osati pakati pa usiku. Ngati munthu anabadwa pa tsiku lamalire kapena loyandikana nalo, mndandandawu sukukwanirani, mufunika kalendala ya Chitchaina ya chaka chimenecho yosonyeza nthawi yeniyeni. Ena onse mndandandawu ukuwakwanira.

Tsiku la 31 Januwale lili mkati mwa Chou, mwezi womaliza wa chaka. Nthambi tapeza. Tsinde lake limachokera ku tsinde la chaka, ndipo lamulo lake limakuuzani tsinde la mwezi woyamba, wa Yin:

chaka cha Jia kapena Ji chimayamba ndi Bing Yin
cha Yi kapena Geng, Wu Yin
cha Bing kapena Xin, Geng Yin
cha Ding kapena Ren, Ren Yin
cha Wu kapena Gui, Jia Yin

Chaka chathu ndi cha Ding, tiyambira pa Ren Yin n'kumatsika mizere yonse iwiri limodzi: Ren Yin, Gui Mao, Jia Chen, Yi Si, Bing Wu, Ding Wei, Wu Shen, Ji You, Geng Xu, Xin Hai, Ren Zi, Gui Chou. Nsanamira ya mwezi ndi Gui Chou.

Onani mmene cholakwa cha chaka chimafalikira. Tikanamuwerenga ngati wa 1998, chaka chikanakhala Wu Yin, miyezi ikanayambira pa Jia Yin, ndipo mwezi wa Chou ukanatuluka Yi Chou. Zilembo zitatu pa 8 zikanakhala zabodza chifukwa cha kuphonya kumodzi.

Nsanamira ya tsiku

Iyi ndiyo yofunika kwambiri, ndipo ilibe chidule chochokera ku chaka kapena mwezi. Masiku amangozungulira pa 60 osalabadira kuti mwezi watha kapena chaka chasintha. Chimene mukufuna ndi tsiku limodzi lodziwika loti muyambirepo kuwerenga. Gwiritsani ili: 1 Januwale 2000 linali nambala 55 pa 60 paja, Wu Wu.

Werengani masiku a pakati pa tsiku lobadwa ndi 1 Januwale 2000. Kuchokera pa 1 Januwale 1998 kufika pa 1 Januwale 2000 ndi zaka ziwiri za masiku 365, onse pamodzi 730. Mtsikanayu anabadwa patapita masiku 30 kuchokera pa 1 Januwale, ndiye tichotse 30, patsala 700. Gawani 700 ndi 60: mulowa 11, patsala 40. Popeza anabadwa chisanafike 2000, tibwerera m'mbuyo: 55 kuchotsa 40 ndi 15. Wobadwa pambuyo pa 2000 mumaphatikiza m'malo mochotsa. Yankho likapitirira 60 chotsanipo 60, likafika pa 0 kapena kutsika apo onjezanipo 60.

Nambala 15 muisandutsa zilembo monga tinachitira ndi chaka. Kugawa ndi 10 patsala 5, Wu. Kugawa ndi 12 patsala 3, Yin. Nsanamira ya tsiku ndi Wu Yin.

Chopunthwitsa apa ndi zaka zimene Febuluwale amakhala ndi masiku 29, monga 1988, 1992, 1996, 2000 ndi 2004. Mukaiwala chimodzi, yankho liphonya ndi tsiku limodzi, ndipo lamulo la manambala ogawika lija silikuchenjezani, chifukwa nsanamira yolakwayo imaonekabe yabwinobwino. Ngati muli ndi Excel, lembani tsiku lobadwa mu A1 ndipo muisiyire ntchitoyo:

```
=MOD(A1-DATE(2000,1,7),60)+1
```

Tsiku la 7 Januwale 2000 lili mmenemo chifukwa linali Jia Zi, nambala 1. Pa chitsanzo chathu ikupatsani 15.

Nsanamira ya ola

Tsiku analigawa m'zigawo 12 za maola awiriawiri. Zi ndi kuyambira 11 koloko usiku mpaka 1 koloko, Chou 1 mpaka 3, Yin 3 mpaka 5, Mao 5 mpaka 7 m'mawa, Chen 7 mpaka 9, Si 9 mpaka 11, Wu 11 mpaka 1 masana, ndipo zotsalazo zimapitirira motero mpaka Hai, 9 mpaka 11 usiku.

Mukangoyang'ana wotchi, 7:30 ndi Chen. Koma magawowa anapangidwa anthu akuona nthawi pa dzuwa, ndipo wotchi ya boma siyenderana ndi dzuwa paliponse. Dziko lonse la Tchaina, kukula konse kuja, limayendera nthawi imodzi, yoyezedwa pa mzere wa madigiri 120 kum'mawa. Chengdu ali pafupifupi pa madigiri 104. Digiri iliyonse ndi mphindi 4, choncho madigiri 16 ndi mphindi 64. Wotchi ikamati 7:30, nthawi ya pamalopo imakhala cha m'ma 6:26. Pamwamba apo, dzuwa lenilenilo limachedwa kapena kufulumira malinga ndi nyengo, mpaka pafupifupi mphindi 16, ndipo kumapeto kwa Januwale limakhala litatsalira ndi mphindi pafupifupi 13. Tafika cha m'ma 6:13. Mwanayu anabadwa kusanache, mkati mwa Mao.

Tsinde la ola limachokera ku tsinde la tsiku, ndipo lamuloli limakuuzani tsinde la ola loyamba, la Zi:

tsiku la Jia kapena Ji limayamba ndi Jia Zi
la Yi kapena Geng, Bing Zi
la Bing kapena Xin, Wu Zi
la Ding kapena Ren, Geng Zi
la Wu kapena Gui, Ren Zi

Tsiku lathu ndi la Wu: Ren Zi, Gui Chou, Jia Yin, Yi Mao. Nsanamira ya ola ndi Yi Mao. Tikanakhulupirira wotchi ikanakhala yotsatira yake, Bing Chen.

Si akatswiri onse amene amakonza nthawi chonchi, ena amangotenga ya pawotchi. Ine ndimaona kuti ngati njira yonseyi imayeza chaka ndi mwezi pa dzuwa, n'kupanda nzeru kuyeza ola pa lamulo la boma. Kumbukiraninso kuti pakati pa 1986 ndi 1991 Tchaina inkakankhira mawotchi patsogolo ndi ola limodzi m'miyezi yotentha, monga amachitira ku Ulaya mpaka pano. Wobadwa m'nyengo yotero mumayamba mwachotsa ola limenelo.

Pali mkangano wina umene sunathe, wa anthu obadwa pakati pa 11 koloko usiku ndi 12 koloko. Ena amati tsiku latsopano limayamba limodzi ndi ola la Zi, ndiye wobadwa 11:20 usiku ndi wa tsiku la mawa. Ena amati tsiku limasintha pa 12 koloko. Sankhani njira imodzi ndipo lembani pambali kuti mwatsata iti.

Kuwerenga zimene mwapeza

Chaka Ding Chou, mwezi Gui Chou, tsiku Wu Yin, ola Yi Mao. M'mabuku akale amazilemba kuyambira kumanja, ndipo mapulogalamu ambiri amaika ola kumanzere, chaka kumanja, choncho onetsetsani mitu musanaganize kuti zasokonezeka.

Pezani tsinde la tsiku. Ilo ndilo munthuyo, amalitcha mwini tsiku. Apa ndi Wu, dothi la yang. Nyama ya chaka ija yangotsala mlendo wokhala kumapeto kwa mphasa. Zilembo 7 zotsalazo zimawerengedwa poona ubale wake ndi mwini tsiku, ndipo ubalewo uli pa mizere iwiri. Wobereka: mtengo umabereka moto, moto dothi, dothi chitsulo, chitsulo madzi, madzi mtengo. Wogonjetsa: mtengo umagonjetsa dothi, dothi madzi, madzi moto, moto chitsulo, chitsulo mtengo.

Kwa mwini tsiku wa dothi, ndiye kuti moto ndi womubereka, ndipo amaumasulira ngati chithandizo, maphunziro ndi mayi. Dothi linzake ndi abale ndi anzake. Chitsulo, chimene iye amabereka, ndi luso ndi zotuluka m'manja mwake. Madzi, amene iye amagonjetsa, ndi chuma. Mtengo, umene umamugonjetsa, ndi ulamuliro, udindo ndi zomupanikiza.

Tiwerenge tsopano. Dothi lilipo katatu: Chou awiri ndi Wu. Mtengo katatu: Yin, Yi ndi Mao. Moto kamodzi, Ding. Madzi kamodzi, Gui. Chitsulo sichikuoneka. Koma musafulumire kunena kuti palibe, chifukwa nthambi iliyonse imabisa matsinde m'kati mwake, kuyambira limodzi mpaka atatu. Chou imabisa Ji, Gui ndi Xin, ndipo Xin ndi chitsulo. Yin imabisa Jia, Bing ndi Wu. Mao imabisa Yi yekha. Chitsulo chilipo, koma chokwiririka.

Katswiri sangaime pa kuwerenga mitu. Amayang'ana kwambiri nthambi ya mwezi, chifukwa ndiyo ikunena nyengo. Chou ndi dothi, ndiye likulimbitsa mwini tsiku, koma ndi dothi la kumapeto kwa nyengo yozizira koopsa. Motero anganene kuti nsanamirazi zikusowa kutentha, n'kumaika mtima pa Ding wa pachaka ndi Bing wobisika mu Yin. Mitengo itatu ija angaione ngati katundu wolemera pa dothi, pokhapokha moto utalowa pakati, poti mtengo umadyetsa moto ndipo moto umadyetsa dothi. Apa muone kulemera kwa ola lija. Tikanalemba Bing Chen, mitengo iwiri ikanachoka, m'malo mwake kubwera moto ndi dothi: dothi 4, moto 2, mtengo 1, madzi 1. Kumasulira konse kukanatembenuka chifukwa cha ola limodzi ndi mphindi zochepa.

Ndinene poyera: palibe umboni wa sayansi wosonyeza kuti zilembozi zimauza za chuma, ukwati kapena matenda a munthu. Masamu enieniwo akusonyeza malire ake. Zaka 60, miyezi 12, masiku 60 ndi maola 12 zimapereka mitundu 518,400 yokha, pomwe anthu padziko ndi oposa mabiliyoni 8. Ana onse obadwira mumzinda umodzi mkati mwa maola awiri omwewo ali ndi nsanamira zofanana, wa kubanja lolemera ndi wa kubanja losauka. Akatswiri awiri amathanso kugwirizana pa zilembo zonse 8 n'kusiyana poti mwini tsiku ndi wamphamvu kapena wofooka.

Ngati munabadwira kuno kum'mwera kwa Africa

Kukonza ola kumayenda chimodzimodzi, kungosintha mzere. Wotchi ya ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi ku Joni imayezedwa pa madigiri 30. Blantyre ali pa madigiri 35, ndiye mumaonjezera mphindi 20. Ku Lilongwe mumaonjezera pafupifupi 15, pomwe ku Lusaka mumachotsa pafupifupi 7. Tsiku ndi ola mumatenga za komwe munabadwira, osazisandutsa kukhala za ku Tchaina. Koma malire a chaka ndi a mwezi ndi mphindi imodzi ya dziko lonse lapansi, ndipo makalendala amawalemba pa nthawi ya ku Beijing, imene ili patsogolo pathu ndi maola 6. Malire olembedwa 3 koloko m'bandakucha pa 4 Febuluwale, kuno amakhala atadutsa kale 9 koloko usiku pa 3.

Vuto lalikulu ndi la nyengo. Mwezi wa Chou ndi wozizira ku Chengdu, pomwe kuno Januwale ndi mvula ndi chithukuthuku, chimanga chili m'chiuno. Akatswiri ambiri sasintha kanthu. Ena ochepa amatembenuza miyezi ndi theka la chaka kwa obadwira kum'mwera kwa dziko lapansi. Mapulogalamu ambiri amatsata oyambawo.

Amene sadziwa ola lobadwira, ndipo ndi ambiri, amangoima pa nsanamira zitatu. Ngati mayi amakumbukira zoti kunali tambala woyamba kapena dzuwa lili paliwombo, lembani maola awiri oyandikana ndipo muone ngati kusiyana kwake kukusintha zambiri.

Mukayerekeza zanu ndi za pulogalamu ya pa intaneti n'kupeza kusiyana, malo a kusiyanako akuuzani gwero lake. Zikasiyana pa chaka ndi pa tsinde la mwezi, wina wayambira chaka pa chikondwerero m'malo mwa Lichun. Zikasiyana pa mwezi pokha, tsiku lobadwa lili pamalire, kapena wina wawerenga miyezi ya kumwamba. Zikasiyana pa tsiku ndi sitepe imodzi, fufuzani 29 Febuluwale amene mwamudumpha kapena nkhani ya 11 koloko usiku ija, ndipo kumbukirani kuti tsiku likasintha tsinde la ola limasinthanso. Zikasiyana pa ola lokha, onani ngati pulogalamuyo inakufunsani mzinda wobadwira. Ngati sinafunse, yangotenga nthawi ya pawotchi.